Chinanazi mu Lesoni Pulani ya Lurdes

"Ndiye ukuti aliyense woyankha adya chinanazi?" anafunsa Yunesi.

Lurdes anavomera monyada kkkk. Awiriwa anali atsikana a ku koleji ya uphunzitsi, anatumizidwa kudzayeserera ntchito pa pulayimale ina kufupi ndi Chonde. Mawa lake alekichara amabwera kudzaonera Lurdes akuphunzitsa Sitandade 7 phunziro la zipembedzo, mutu wake kusala kudya. Ulendo wapita anamulembera kuti kalasi lake lili zii ngati pamaliro, zikabwerezeka alephera. Nde mtsikana anakagula zinanazi zitatu pamsika, ati ana atsegula pakamwa basi.

Yunesi anawerenga pulaniyo nkuyamba kuseka mpaka kutsamira khoma. Anamukumbutsa kuti uno ndi mwezi wa Ramadani, ana asanu achisilamu m'kalasimo akusala, ndipo ndi omwewo oidziwa bwino nkhaniyi. Akamva kuti woyankha adya, adzangokhala duu. Lurdes anagwira pakamwa. Iye mwininso ndi mkatolika, Lenti ili mkati, koma anaiwala zonse kkkk.

Sitepe yachiwiri ya pulaniyo inali yoopsa kuposa. Analemba kuti Asilamu aimirire afotokoze, kenako Akhristu, kenako achipembedzo cha makolo.

Yunesi anati, "Iwe, ndi bwalo la milandu limeneli? Mwana wake uti angaimirire yekha nkunena kuti kwathu timathira nsembe, anzake akumuyang'ana?"

Anang'amba pepala nkuyambiranso pansi pa mtengo wa mapeyala. Anagwirizana kuti mwana aliyense alembe funso pakapepala opanda dzina, aponye mukatoni ya choko. Magulu asakanizidwe, pongowerenga wani, thu, fili. Malamulo awiri pabolodi: tizinena kuti "kwathu timatere", osati "inu mumalakwa", ndipo osafuna kuyankha asakakamizidwe. Zinanazi anazisiya kunyumba.

Tsiku lija alekichara anakhala kumbuyo, nkhope gwa. Lurdes anatola kapepala koyamba nkuwerenga: kodi ukameza malovu ndiye kuti wamasula kusala? Kalasi lonse linaseka, Lurdes nkuganiza kuti basi zathera pano. Koma Amina, kamtsikana kamene sikanayankhulepo chiyambire teremu, kanakweza mkono nkunena kuti malovu alibe vuto, vuto ndi madzi ndi chakudya mpaka dzuwa kulowa. Mnyamata wa Seventh Day anati nawonso amasala nthawi zina, wakatolika nkuti Lachisanu la Lenti sadya nyama. Wina anati agogo ake amasala mchere pakagwa maliro. Manja mmwamba ponseponse, belu linalira makapepala asanathe nkomwe.

Alekichara anamukhozetsa, anangowonjezera kuti aziyang'ana nthawi.

Lurdes anathamangira foni kulembera Yunesi zikomo wambirimbiri ndi timitima. Yankho linabwera pompo:

"Zikomoyo sunga. Lachinayi alekichara akubwera m'kalasi langa ndipo pulani sindinaiyambe olo mzere umodzi. Bwera ndi bolopeni."