Jagi ya Amake Whyson

Bulenda inalira kawiri, kenako inayamba kufuula ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Ndaona anathimitsa msanga. M'khitchini munadzaza fungo la labala wopserera, ndipo mango omwe anadulira m'jagi anali chikhalire, mipeni osawakhudza n'komwe.

Ananyamula jagi nayang'ana pamwamba pa tsinde la makinawo. Kagudumu kakuda kokhala ndi mano, kamene kamazunguza mipeni, kanali katanyenyeka. Mano ake anali mbwee ngati zitosi za makoswe, chotsalacho chitang'ambika pakati. Atachikhudza chinagwa, n'kusiya kachitsulo ka mota kali pamtunda.

Bulendayo sinali yake. Inali ya amake Whyson, mayi a chibwenzi chake, ndipo ku Mtendere konse anthu ankaidziwa mbiri yake. Malemu amuna awo ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Joni pa ulendo womaliza umene anabwerako ndi thiraki ali moyo. Inkakhala mu disipule, kabati ya magalasi ya pabalaza, itavundikiridwa kansalu koluka, ndipo inkatuluka pa Khirisimasi pokha. Mayiwo popita ku maliro ku Katete anasiyira Ndaona makiyi kuti azibwera kudzasesa ndi kuthirira maluwa, poti Whyson amachoka m'mamawa kupita kowotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Ndaona ankadziwa kuti awa ndi mayeso. Miyezi isanu ndi itatu mayiwo anali asanavomere tsiku loti akuluakulu akaonekere kwawo kwa mtsikanayo. Ankangoti, "Tikali kumuona."

Ndaona ankangofuna kuti Whyson akamabwera madzulo, maso ali psu ndi moto wa kuntchito, apeze kapu ya mango ozizira patebulo. Linali Lachiwiri. Mayiwo anali oti abwera Loweruka.

Anatembenuza tsinde kuti aone kapepala ka dzina ndi nambala. Panalibe. Amake Whyson ankakwecha chilichonse ndi sitiliwulo, ndipo ngakhale zilembo za kutsogolo zinapita kalekale. Koma pambali pa jagi ya pulasitiki panali dzina lotukuka, looneka bwino. Analijambula pafoni, nakulunga zinyenyeswa zija m'kampango.

Potuluka anapeza ba Tiza, mayi wa nyumba yoyandikana, atakhala pakhonde akusankha tinsomba ta kapenta. Palibe chinkalowa kapena kutuluka pageti limenelo osawerengedwa ndi maso awo.

"Apongozi a mawa! Chamene chanunkha uko ni chani? Mwapsereza nyumba ya bene?"

"Ni pulasitiki chabe, inagwera pambaula," anatero Ndaona, osaima.

Ba Nassoro anali ndi kashopu kumapeto kwa msika, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa makala. M'katimo munali maketulo opanda zivundikiro, masimbi, ndi matsinde a mabulenda ataunjikana mpaka kudenga. Mkuluyo anakankhira kofia yake kumbuyo, namwaza zinyenyeswa pachikhatho.

"Aka timakaitana kapula. Ndiko kamagwirizanitsa mota na mipeni. Nanga mwine wake ali kuti?"

"Ali ku Katete."

"Sinikamba munthu, mwana wanga. Nikamba makina. Leta thako lake, tsinde la mota, nione."

"Siningakwanitse kuichotsa panyumba. Koma dzina ni ili." Anawaonetsa chithunzi.

Ba Nassoro anachiyang'ana nthawi yaitali. "Iyi ni jagi. Jagi ili monga chipewa, aliyense angavale cha mnzake. Ine nifuna kuona pokhalira jagi, niwerenge timipata, nipime kachitsulo ka mota. Tumakapula tuli mitundu yambiri, ndipo pamaso tonse tulingana."

"Ni imodzi, ba Nassoro. Inabwera pamodzi m'katoni kuchoka ku Joni. Aliyense adziwa."

"Aliyense adziwa," anabwereza mkuluyo. Anati mtundu umenewo mu Lusaka ndi wosowa, koma ali ndi mphwake ku Nakonde amene amatumiza katundu pa basi. Akaitanitsa lero, kafika Lachisanu. Akadikira mawa, ndiye sabata ya mawa.

"Itanitsani lero," anatero Ndaona.

Masiku atatu amenewo anabweza bulenda mu disipule, jagi pamwamba, kansalu pamwamba pake. Munthu poyang'ana sakanadziwa kanthu. Whyson anamufunsa kawiri chimene chinkamuvuta, iye n'kunena kuti ndi mutu. Akamasesa pabalaza ankamva ngati chithunzi cha malemu cha pakhoma chikumutsatira ndi maso.

Lachisanu masana anakatenga kapula, kakuda bii, konunkhira upya. Ba Nassoro anamuchenjeza kuti kamamangidwa mozungulira chakumanzere, mosiyana ndi sikuluwu wamba, kuti mota ikamazungulira kazilimbirako. Ndaona anathamanga nako kunyumba kuja, nakhoma chitseko, natsitsa tsinde. Anaika kapula pa kachitsulo n'kupotokola chakumanzere. Sikanagwire. Anayesa chakumanja. Kanangotsetsereka mpaka pansi, n'kumagwedera. Bowo lake linali lalikulu.

Anakhala pansi pa simenti. Foni inalira: uthenga wa Whyson woti amayi akwera basi ya mawa m'bandakucha, afika cha m'ma thwelofu.

Apa sanaganizenso za ba Tiza. Anakulunga tsinde ndi jagi m'chitenje, nabereka kumsana.

"Iye, mwana wabadwa liti?" anafunsa ba Tiza, maso ali pa pulagi imene inkalendewera m'chiuno mwake.

"Adwala, nimupeleka ku chipatala," anayankha Ndaona, napitirira.

Ba Nassoro anali akuyala mkeka wawo wopempherera. Ataona nkhope yake anaupindanso theka, namuuza kuti ayike katunduyo patebulo. Sanamunyoze. Anayendetsa chala m'mphepete mwa pokhalira jagi.

"Werenga timipata."

"Titatu."

"Manje werenga timakutu pansi pa jagi."

Ndaona anawerenga titatu, koma tinali totalikirana mosiyana, ndipo m'mbali mwake munali mokalakala. Pambali ina panali chipsera choyera pomwe kachinayi kanachotsedwa.

"Tsinde ili n'lozungulira, la timipata titatu, la kogwira kamodzi kopotokola, kachitsulo kake kowonda. Mtundu uyu unali kubwera na jagi ya galasi, yolemera, yonenepa kumusi. Iyi ya pulasitiki ni ya makina ena, a timakutu tinayi. Ise tinaitanitsa kapula wa makina amene aja." Anakhazika jagi pa tsinde, naigwedeza. "Waona? Siikhala pansi bwino, itsala pamwamba pang'ono. Mano anali kugwirana kunsonga chabe. Nthawi ili yonse mukayatsa, anali kudyeka. Kanali kufa kale aka, iwe wangokapeza pa tsiku lake."

Anatembenuzanso jagi, nabweretsa chipsera chija pafupi ndi maso. Kenako anatsegula kabati, natulutsa tupa yakale ya chigwiriro chomangidwa ndi waya, naiyang'ana ngati akuifunsa.

"Iyi ni ntchito ya manja anga," anatero motsitsa. "Papita zaka zambiri. Kunabwera mzimayi na tsinde kumsana, monga iwe. Jagi ya galasi ninaisowa, ninamupalira iyi. Ninamuuza kuti ni ya kanthawi chabe. Sanabwerenso."

"Anali ndani?"

"Ine nikonza vinthu, sinisunga maina."

Anajambula tsinde pamwamba ndi m'mbali, napima kachitsulo, natumiza zonse kwa mphwake uja. Yankho linabwera Ndaona asanamalize kumanga chitenje: kapula woyenera alipo, jagi ya galasinso ingapezeke, koma basi ndi ya Lachiwiri.

Pobwerera Ndaona anayenda pang'onopang'ono. Njira zinali zitatu. Akanatha kuvundikira kansalu n'kukhala chete mpaka Lachiwiri, koma ba Tiza anali ataona pulagi. Akanatha kunena pamaso pa Whyson kuti jagi ndi yachilendo, mlandu n'kuchoka pa iye. Ataganiza zimenezo anaona nkhope ya Whyson mmene imawalira akamanena za bambo ake, ndipo anaisiya njirayo pomwepo pamsewu. Yotsala inali youlula yekha kwa mayiwo.

Loweruka amake Whyson anafika thwelofu itapitirira, fumbi lili m'mapazi, thumba la nshawa, mtedza wakumudzi, lili pamutu. Ba Tiza anawalandira pageti, ndipo kulonjerana kwawo kunatalika kuposa masiku onse. Ndaona ankaonera pazenera. Whyson anali akadali kuntchito.

Mayiwo atalowa anapeza bulenda ili patebulo, yosavundikira, zinyenyeswa zili pambale pambali pake. Ndaona anagwada.

"Amayi, ninagwira chinthu chamene simunanilole. Ninafuna kupangira Whyson mango. Chaonongeka m'manja mwanga."

Mayiwo sanakhale pansi. Anatula thumba, nayang'ana zinyenyeswazo, nayang'ananso chithunzi cha pakhoma.

"Ninakusiyira makiyi a nyumba, osati a disipule."

"Ni zoona, amayi."

"Ndipo waizungulitsa mu komboni monse kumsana. Unaipeleka kuti?"

"Kwa ba Nassoro. Kapula woyamba ninaitanitsa wolakwika. Woyenera afika pa Chiwiri."

Dzina lija litamveka, dzanja la mayiwo linaima m'malere. Ananyamula jagi, naitembenuza, chala chawo chachikulu n'kupita chokha pa chipsera chija osachifunafuna.

"Anakuuza chani Nassoro?"

"Anati tsinde ni la timipata titatu."

"Chabe?"

"Anati jagi yake inali ya galasi."

Panja wogulitsa makala ankadutsa akuitanira. Mayiwo anadikira mpaka mawu ake atazilala.

"Whyson wamuuza?"

"Iyayi."

"Tiza?"

"Sininauze munthu. Si nkhani yanga."

Amake Whyson anakoka mpando, nakhala, jagi ili pamiyendo. Anayamba kulankhula akuyang'ana m'kati mwake. Anati jagi ya galasi ija inawapulumuka m'manja ali ndi sopo n'kusweka, sabata yoyamba yomwe, amuna awo atabwerera pamsewu. Ankati adzawauza akabwera. Koma amene anabwera anali anthu a kukampani, atavula zipewa, ndi uthenga wa imfa.

"Nikaiyatsa pa Khirisimasi nimaigwira pamwamba na manja awiri, kuti isalire. Iwe sunadziwe."

Ndaona anali chigwadire. Maondo ankamupweteka koma sanasunthe.

"Nyamuka, simenti izizira." Mayiwo anaika jagi patebulo, kutali ndi tsinde. "Pa Chiwiri tizapita tonse. Ukamuuze lero aitanitse na ya galasi, azapime bwino, nione na maso anga ikukhala pansi. Whyson nizamuuza nekha."

Anamasula thumba la nshawa, natapa zodzaza manja awiri, nathira m'mbale yaikulu, nathiranso kawiri.

"Izi upeleke kwanu. Uwauze amako kuti pa Sondo ya sabata ya mawa amalume ake a Whyson azabwera kuzaonekera, asachokepo." Anayang'ana pazenera pomwe mutu wa ba Tiza unkaonekera pamwamba pa mpanda. "Ndipo utulukire kutsogolo, aone bwino chamene wanyamula."