Dzanja la Yewande

Akaunti ya Yewande yogulitsira zikwama pa intaneti itatsekedwa, uthenga unati zithunzi zake n'zakuba, katunduyo alibe. Anakamunenera ndi Bambo Bankole a shopu yoyandikana naye mumsika wa Balogun, amene amadzitcha Mkulu wa Kampani, ngakhale kampaniyo ndi iwowo ndi mpando umodzi.

"Pepa mwanawe, malonda ndi a akuluakulu," anatero akutafuna mtedza.

Yewande anawagwadira mwaulemu, n'kukalemba kalata yodandaula. Anaikamo malisiti a kumene amapikula, ndiponso kanema woonetsa zikwamazo m'shopu mwake. Kenaka anapempha oyang'anira tsamba la pa intanetilo kuti aonetsetse dzanja logwira chikwama pachithunzi chilichonse: ndi dzanja lake, lili ndi chipsera cha mafuta otentha pachala chachikulu, chomwenso chili m'kanemamo. Pansi anandandalika malonda onse a Bankole a pa intaneti, okhala ndi zithunzi zimene anamubera, mmene dzanja lomwelo linkagwira ntchito mosalipidwa.

Lachisanu akaunti yake inatsegulidwa, ya Bankole n'kutsekedwa.

Bankole anabwera atavula chipewa. "Mwana wanga, kalata ija umayamba bwanji?"

"N'zosavuta, bambo," anatero Yewande, akuwasunthira mbaula ya makala amoto ndi phazi. "Muyambe ndi chalacho."