Matuza a Pachipumi

Diso langa lakumanja linafa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Kachitsulo kanathothoka pa girayinda n'kulowamo. Kuyambira pamenepo ndimawotcherera mageti ndi mawindo ndi diso limodzi, lakumanzere. Limandikwanira.

Lolemba chipumi chinayamba kundiwotcha mbali yakumanzere. Pagalasi sipankaoneka kanthu. Lachitatu m'mawa panatuluka timatuza, tating'ono, todzaza madzi. Ndinati ndi masipaki. Wowotcherera aliyense ali ndi zipsera zotere. Ndinapakapo mafuta odzola n'kupita kuntchito.

Lachinayi diso linafiira. Izinso ndinkazidziwa. Ukayang'ana moto wa rodi wopanda helemeti, maso amamva ngati muli mchenga. Umadula mbatatesi yaiwisi, kuika pamaso, kugona chagada. Kukacha zatha. Ndinachita zomwezo.

Kunacha, sizinathe.

Lachisanu ndinali pa geti ya zitseko ziwiri. Lamba wa helemeti atangokhudza chipumi, ndinakukuta mano. Ngakhale tsitsi linkapweteka. Ndinavula helemeti n'kumaigwira ndi dzanja. Mzere umene ndinawotcherera unatuluka wokhota.

Mnzanga amene timagawana shedi timamutcha Wailesi, chifukwa satseka pakamwa. Anabwera kudzaona mzerewo.

"Madala, iyi ndi geti kapena njira ya nkhono?"

Ndinapitiriza ntchito yanga.

"Tatembenukani kuno." Anandiyang'ana, kuseka kuja n'kutha. "Mwati masipaki amenewa?"

"Eya."

"Masipaki anayamba liti kugwiritsa ntchito tepi yoyezera?" Anatenga choko pabenchi n'kuloza pakati pa chipumi changa, osandikhudza. "Athera apa. Ndendende pakati, ngati mwachita kulemba. Mbali inayi kuli mbee. Ndipo moto wa rodi sutha masiku awiri, inu mukudziwa kuposa ine."

"Zitha."

"Tiyeni kuchipatala."

"Geti."

"Geti ilibe maso, madala. Inu muli nalo limodzi."

Ndinatola rodi ina. Kuchipatala ndinali ndisanapondeko chimwalirire mkazi wanga. Ndinamulowetsa pakhomo paja akuyenda yekha. Wailesi ankadziwa zimenezi. Anatuluka panja ndi foni yake.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mwana wanga wamkazi anatulukira pakhomo la shedi, akadali mu yunifolomu ya kusitolo kumene amagulitsa nsapato. Anapita kukhoma n'kuzimitsa mashini. Rodi inazima m'manja mwanga.

"Ababa, chotsani chimenecho ndikuoneni."

Ndinatsitsa helemeti. Anagwira pakamwa.

"Thuza lina lili pamphuno. Chikope chatupa. Ababa, mukundiona bwinobwino?"

"Ndikukuona."

"Kalendala iyo yalembedwa chiyani?"

Ndinayang'ana kukhoma. Manambala ankasambira m'misozi.

"Nyamukani."

"Mawa."

"Mawa ndi Loweruka. Dokotala wamaso sakhalapo." Kenako anawonjezera kuti, "Amayi ankatinso mawa."

Sanayenera kunena zimenezo, ndipo anadziwa. Anayang'ana pansi. Wailesi anayamba kupukuta sipanala yoyera kale. Ine ndinavula magolovesi, ndinawapinda, ndinawaika pabenchi.

Pabenchi la kuchipatala panali anthu ngati makumi atatu. Wotchi yakukhoma inkati kota pasiti fili. Kuwala kwa pawindo kunkandibaya m'diso, ndiye ndinaliphimba ndi dzanja, ndipo ndinakhala mumdima, chifukwa linalo ndi lakufa kale. Ndinamva nsapato, chifuwa cha munthu, mwana akulira. Ndinaganiza kuti mwina ndi mmene zizikhalira.

Mwana wanga sanakhale pansi. Ndinamumva akulankhula ndi nesi.

Nesiyo anati, "Amayi, aliyense pano akudwala. Dikirani."

"Chonde, mungowaona kumaso. Ali ndi diso limodzi lokha."

Nsapato zinayandikira. "Bambo, tachotsani dzanja." Nesi anayang'ana chipumi, kenako mphuno. "Bwerani. Panopa."

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Sanataye nthawi ndi moni wautali.

"Matuza anatuluka liti? Sindikufunsa ululu. Matuza."

"Lachitatu."

"M'mawa kapena madzulo?"

"M'mawa."

Anawerenga pa zala. "Mwafika pa tsiku lachitatu. Awa ndi mashingozi. Munadwalapo katsabola muli mwana?"

"Kalekale."

"Kachilombo kake sikachoka m'thupi. Kamagona mumtsempha. Thupi likafooka, kaya ndi ukalamba, kaya matenda ena, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi mpaka pakhungu. N'chifukwa chake sakudutsa pakati. Wanuwu ndi mtsempha wa chipumi, ndipo nthambi imene yafika pamphunoyi ndi yomweyo imapita m'diso."

"Ndiye diso lipita?" anafunsa mwana wanga.

"Sindikudziwa. Mankhwala amagwira bwino akayambidwa masiku atatu asanathe chitulukire matuza. Amaletsa kachilombo kuchulukana. Chimene chaonongeka kale sabweza." Anatembenukira kwa ine. "Mwaikamo chiyani m'disomo?"

"Mbatatesi. Pamwamba."

"Ndinu owotcherera?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinadziwa. Musaikenso chilichonse chimene sitinakupatseni." Anatumiza nesi kukatenga mapiritsi, ndipo loyamba ndinamwera momwemo, iye akuyang'ana. "Kasanu pa tsiku, masiku asanu ndi awiri, osadumphitsa. Muzimwa madzi ambiri. Matuza musaphulitse. Mpaka atauma, musayandikire makanda, amayi oyembekezera amene sanadwalepo katsabola, kapena odwala ofooka. Angatengere katsabola kwa inu. Tikuyezaninso magazi, shuga ndi HIV, ngati mukuvomera."

"Yezani."

"Koma choyamba kwa wamaso. Amatseka folo koloko." Anaimba foni. Inaitana, osayankhidwa. Anaimbanso. Kenako anauza mwana wanga kuti, "Thamangani. Kumapeto kwa khonde, chitseko chobiriwira. Muwagwire asanatuluke."

Ndinamumva akuthamanga. Ine ndinatsatira pang'onopang'ono, dzanja lili kukhoma. Khonde lija linali lalitali. Ndinalidziwa. Pakati pake pali chitseko cha wodi ya amayi. Ndinadutsa osatembenuka.

Wamaso anali atavula kale gawuni yake. Mwana wanga anali ataima pakati pa chitseko, manja ali m'mafelemu.

"Awa ndi anu?" anandifunsa bamboyo. "Akuti sindituluka."

"Anatengera mayi ake."

Anavalanso gawuni. Anandidonthezera mankhwala achikasu m'diso, anandiuza kuika chibwano pa makina, n'kuyatsa kuwala kobiriwira ngati moto wa gasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkamva mpweya wa mwana wanga kumbuyo kwanga.

"Kachilombo kafika m'diso," anatero. "Pagalasi la diso pali tizilonda. Tili pamwamba, sitinalowe mkati. Ndikupatsani mafuta a m'diso. Lachiwiri mubwerenso, ndipo likayamba kuchita chifunga musadikire Lachiwiri. Kuwotcherera ayi."

"Pali geti."

"Ababa!"

Geti anamaliza ndi Wailesi. Matuza anauma sabata yachiwiri, nkhanambo n'kugwa. Magazi analibe vuto. Koma chipumi chikuwotchabe mpaka lero, ngakhale mphepo ikangochikhudza. Dokotala akuti ndi mtsempha umene unavulala, ndipo zingatenge miyezi. Anandipatsa mapiritsi ena a zimenezo.

Kwa wamaso ndinapita kanayi. Ulendo wachinayi anandiimika kutsogolo kwa bolodi la zilembo.

"Yambani pamwamba."

Ndinawerenga mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Zilembo zinkachepa. Pa wachisanu ndinaima, ndinaphethira, ndinapitiriza. Wachisanu ndi chimodzi ndinalakwitsa chimodzi.

"Wapansi uwo?"

"Sindikuuona."

"Ngakhale ine sindiuona popanda magalasi." Analemba papepala. "Diso lapulumuka. Mubwere pakatha miyezi itatu, nthawi zina zimabwerera."

Mwana wanga anakhala pansi pampando wa odwala n'kubisa nkhope m'manja. Ndinamusiya alire. Atamaliza ndinamupatsa mpango wanga.