Envulopu ya Zipi

Pa fakitale ina yosoka mayunifolomu, kalata yopempha tchuthi inali ndi njira ziwiri. Ukailemba m'chilankhulo chathu, inkafikira pa desiki ya kalaliki, iye n'kukaimasulira bwana, mlendo amene m'chilankhulocho ankangodziwa moni. Ukailemba m'Chingerezi, inkalowa kwa bwana yomatamata. Koma osoka sankalemba Chingerezi, kupatula awiri ena amene pambuyo pake anakasumira kampani ku ofesi yoona za antchito.

Zipi, mayi wosoka mazipi amene pakamwa pakenso panali potseka, anali ndi pakati pa miyezi itatu. Mimba ziwiri zinali zitapita padera, ndipo ulendo uno dokotala anamulembera chikalata choti agone milungu iwiri osaponda makina. Ankadziwa ndi mwamuna wake yekha. Apongozi ake akanamva, akanabwera ndi mitsitsi, mafunso ndi misozi, ndipo iye analibenso mphamvu zolirira pagulu.

Vuto linali lakuti kalaliki uja anali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene anthu ankamutcha Wailesi. Munthu woseka ndi aliyense, foni ili kukhutu tsiku lonse, ungamusungitse chinsinsi?

"Lembani mwachathu, amayi," anatero mwamuna wake. "Achemwali si munthu woipa."

"Mutu umodzi susenza denga, koma nkhani iyi ndisenza ndekha. Achemwali anuwo akayetsemula, amayi anu amamva."

Anakhala pa tebulo n'kulemba ndi Chingerezi chake cha kusekondale, kufufuta, kulembanso. Anafotokoza zonse, kuopa kuti bwana angamumane, n'kuphatikiza chikalata cha dokotala. M'mawa anadutsa desiki ya mlamu wake ngati sakuiona, n'kuponya envulopu m'thireyi ya bwana. Wailesi anakweza maso, n'kuyang'ana envulopuyo.

Nthawi ya tiyi isanakwane, anamuitana. Mu ofesi anapeza bwana, kapitawo wa osoka ndi Wailesi yemweyo. Kalata inali yotambasula pa desiki, bwana ataipanikiza ndi chala ngati ingauluke. Analankhula mwachangu, Zipi n'kungotolapo mawu awiriawiri.

"Akufunsa kuti wakulembera ndani," anamasulira Wailesi. "Loya kapena a bungwe la antchito?"

"Ndalemba ndekha."

"Wekha?" kapitawo anaseka. "Zaka zonsezi umalemba mwachathu, lero Chingerezi chakugwera kuchokera kudenga? Pali chimene ukukonza iwe."

Bwana anakankhira kalata ija kwa Wailesi, n'kuloza kapitawo, kuti naye amve zimene munthu wake walemba. Zimene Zipi ankathawa zija anazipalasira yekha, ndipo tsopano panali makutu owonjezera, a kapitawo amene mkazi wake ankagulitsa pamsika moyandikana ndi apongozi.

Wailesi anawerenga chamumtima mpaka pansi. Anatembenuza chikalata cha dokotala chafufumimba.

"Akuti akudwala, dokotala wawauza kuti apume milungu iwiri."

"Basi?" anafunsa kapitawo, akusuzumira. "Tsamba lonselo?"

"Chingerezi chimatalika, akapitawo. Kwinako ndi ulemu."

Kenako anatembenukira kwa bwana n'kulankhula naye motsitsa mawu. Bwana anapuma mozama, nasaina, n'kuuza kalaliki kuti aike mapepalawo m'failo. Zipi sankadziwa n'komwe kuti envulopu zomatamata zija nazonso zimathera m'kabati ya mlamu wake.

Ngakhale zinatero, mtima sunakhale pansi. Ubwino woterewu uli ndi mtengo wake, anaganiza motero. Anadikirira mlamu wakeyo pakhonde la kuchimbudzi, pamene makina samveka kwambiri.

"Alamu, mwauza kale angati?"

Wailesi anamuyang'ana. Kuseka kwake kuja kunalibe.

"Mukanalemba mwachathu, bwana akanangomva kuti mwadwala, ine n'kuika m'failo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndimasankha zoti ndinene m'menemo. Ndiyo ntchito yanga."

"Ndiye ndikhulupirire kuti amayi anu samva?"

"Chaka chatha munalemba kuti muli ndi malungo, alamu. Pepala la kuchipatala linali kunena zina. Ndinaliboola ndi manja angawa n'kuliika m'failo, kenako ndinakalirira m'chimbudzi muno." Anapukuta m'maso ndi chala. "Amayi anakufunsanipo chilichonse?"

Zipi anafunafuna m'mutu, tsiku ndi tsiku, chaka chonse chija. Anakumbukira zoti mwezi umenewo mlamu wake ankamunyamulira mitolo ya nsalu, iye n'kumati akufuna kumufufuza.

"Pitani mukagone," anatero Wailesi. "Uyu yekha timuone nkhope."