Kompuresa ya ku Mochale

A Gracian Ngozo anali mkulu woyang'anira zokonzakonza pa chipatala china cha mishoni kumunsi kwa Kasinje. Mipope ikaphulika, jenereta ikakana kulira, bedi likathyoka mwendo, aliyense ankafunsa kuti a Ngozo ali kuti. Zonsezo ankazipirira. Chimene chinawatopetsa mpaka m'mafupa chinali kompuresa ya ku mochale, makina amene amapopa gasi woziziritsa chipinda chosungiramo matupi a anthu omwalira.

Kompuresayo inali yakale kuposa anamwino ambiri a pachipatalapo. Chaka chimenecho chokha mota yake inali itapsa katatu. Ikapsa ankaimasula, n'kuikweza galimoto kupita nayo ku Blantyre kuti akaikulunge mawaya atsopano, ndipo inkabwerako patapita masabata awiri. Inkagwira miyezi ingapo n'kuyambanso kutentha.

Lolemba lina mwezi wa Okutobala a Elson, amene ankasamalira mochale, anawapeza ku wekishopu.

"Bambo Ngozo, yayambanso. Ikungolira pang'ono n'kuzima, kulira pang'ono n'kuzima."

"Geji ya kuzizira ikuti bwanji?"

"Ili pa naini. M'mawa inali pa folo."

A Ngozo anakagwira mutu wa kompuresa n'kuchotsa dzanja msanga. Anayeza mphamvu ya magetsi imene makinawo ankakoka, napeza kuti yapitirira mlingo. Anapukuta fumbi pa kondensa yotulutsa kutentha, namangitsa mawaya, koma mumtima ankadziwa kuti akungonyengerera nkhalamba. Atabwerera ku wekishopu anakankhira masipanala pambali n'kuyamba kulemba. Inali kalata yachitatu pa nkhani yomweyo.

"Kwa akuluakulu oyendetsa chipatala. Ndikupempha K9.6 miliyoni yogulira kompuresa yatsopano ya ku mochale. Mwa ndalamayi, K8.7 miliyoni ndi ya kompuresa, fyuluta, gasi, kutsuka mapaipi ndi kuimanga. K900,000 ndi ya kachipangizo kozimitsa makina magetsi akafooka kapena waya mmodzi mwa atatu obweretsa magetsi akafa, chifukwa n'zimene zakhala zikuotcha mota. Chaka chino takonzetsa yakaleyi katatu pa K4.2 miliyoni, ndipo mochale yakhala yosagwira ntchito masiku 41. Ikapsanso sindikulonjeza kuti idzadzuka."

Anaphatikiza makoteshoni atatu a mitengo ochokera kwa ogulitsa n'kupita nayo kwa mayi Mervis Kalonga, amene ankayang'anira ndalama ndi kayendetsedwe ka chipatala. Anawapeza atavula nsapato kunsi kwa tebulo, akudzikupiza ndi fayilo.

Mayi Kalonga anawerenga mpaka kumapeto, n'kupuma mozama.

"A Ngozo, palibe bodza muno. Koma Lachisanu komiti ikakumana, pa tebulo lomwelo padzakhala ngongole ya mankhwala ndi denga la ku matenite. Mukudziwa zimene adzanene."

"Adzati omwalira sadandaula."

"Sadzanena choncho, koma ndi zimene adzaganize. Tandiuzani, masiku 41 amenewa matupi ankapita kuti?"

"Ena abale ankatenga tsiku lomwelo. Ena tinkawapititsa ku boma pa ambulansi."

"Lembani zimenezo. Maulendo angati, dizilo wochuluka bwanji, ndipo ambulansi ili m'njira ndani ankaidikira kuno. A komiti amamva za amoyo."

A Ngozo anakabwereka buku la maulendo kwa dalaivala, nakhala nalo masana onse. Anapeza maulendo 23, dizilo ndi alawansi K1.9 miliyoni. Anawonjezera ndime ina: "Kukonzetsa ndi maulendo a ku boma zadya kale K6.1 miliyoni m'miyezi khumi. Tikapitiriza chonchi, pofika pakati pa chaka chamawa tidzakhala titalipira mtengo wa kompuresa yatsopano, koma tili ndi yakale yomweyi. Ulendo uliwonse chipatala chimakhala chopanda ambulansi pafupifupi theka la tsiku. Makoteshoniwa atha mphamvu pakapita masabata awiri."

Lachisanu komiti sinakumane. Wapampando anali ku msonkhano ku Lilongwe, ndipo msonkhano wa komiti anausunthira kumapeto kwa mwezi.

Lamulungu m'mawa, mu wodi ya abambo munamwalira a Raphael Nyoni, gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu amene paunyamata wawo anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Mwana wawo wamkazi, mayi Tisungane, amene amalima mpunga kudambo, ndi amene ankawadwazika. Mwana wamwamuna yekhayo, Redson, anali ku Joni. Anaimba foni kuti wapeza basi ya Lolemba, adzafika Lachitatu madzulo, chonde asawaike bambo ake iye asanawaone.

Mayi Tisungane anakagwada pakhomo la mochale kufunsa a Elson ngati zingatheke. A Elson anayang'ana a Ngozo, amene anali chogwada pafupi ndi makina.

"Tiyesetsa, mayi," anatero a Ngozo.

Anayesetsadi. Anabweretsa fani ya ku ofesi kwawo n'kuilozetsa pa kompuresa. Anauza a Elson kuti chitseko chisamatsegulidwe popanda chifukwa. Tsiku lonse la Lamulungu sanapite kutchalitchi, anangokhala pa benchi kunja kwa mochale kumvetsera makina akulira n'kuzima.

Lolemba chakumasana mababu anafiira, kenaka anawalanso. A Ngozo anali ku matenite kukonza thanki ya madzi. Pamene ankafika ku mochale akuthamanga, fungo la mawaya opsa linawachingamira ali panjira. Anazimitsa pa switchi yaikulu, nayeza mota. Mawaya anali atagundana ndi chitsulo cha kunja. Anatulutsa mafuta pang'ono m'kabotolo: anali akuda, onunkha zowawasa.

"Yapita," anatero. Anakhala pansi pasimenti n'kutsamira khoma.

Dzuwa la Okutobala kudera limenelo silichita chibwana. Pofika Lachiwiri m'mawa m'chipindamo munali mutafunda. Ambulansi inali itanyamuka m'bandakucha ndi mayi wina woyembekezera amene zinamuvuta, ndipo kunali wodwala winanso woidikira. A Ngozo anapita okha kukauza anamfedwa, amene anagona pakhonde la achibale odikirira odwala.

"Mayi, makina athu apsa. Kuno sitingathenso kuwasunga bambo. Mukapeza galimoto, mungathe kupita nawo ku mochale ya ku boma."

Mayi Tisungane anatembenukira kwa amalume awo, a Benson, amene ankayendetsa zonse za maliro. A Benson anawerengetsa chapansipansi: galimoto yopita ku boma, ina yobwerera, bokosi, chakudya cha anthu amene anali atasonkhana kale kumudzi. Mpunga wa chaka chino unali utagulitsidwa kalekale, ndipo ndalama imene Redson anali nayo inathera pa tikiti.

"Tikaika lero," anatero a Benson. "Mwana adzaona manda."

"Munati muyesetsa," anatero mayi Tisungane, osakweza mawu.

"Ndinatero, mayi. Pepani."

Anthu anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. A Ngozo anathandiza kunyamula, n'kuperekeza mpaka pa geti.

Lachisanu, a Ngozo akumasula mabauti a kompuresa yopsayo, anamva munthu akuodira. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi anayi, atameta mpala wa maliro, maso ali psuu.

"Ndine Redson Nyoni. Andiuza kuti inu ndi amene mumaona za makina."

A Ngozo anaimirira n'kupukuta manja. Ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo anali atatopa kwambiri moti sakanabwezera.

"Ndine. Pepani ndi zovuta, achimwene."

"Ndimafuna ndingochiona chinthucho."

Anamulozera. Redson anayang'ana kwa nthawi yaitali chitsulo chobiriwiracho, chodzaza mafuta ndi fumbi, chachikulu ngati thumba la chimanga.

"N'chimenechi basi?"

"N'chimenechi."

"Zaka zisanu ndi chimodzi sindinawaone. Basi inachedwa pa boda, ine n'kumati palibe kanthu, andidikira." Anatembenukira kwa a Ngozo. "Simunadziwe kuti chatha?"

"Ndinadziwa. Ndinalemba makalata."

"Ndiye anati bwanji?"

"Sanakumane."

Redson anagwedeza mutu. Ku Joni ankagwira ntchito yomanga, ndipo nkhani za mabwana osakumana ankazidziwa. Anakhala pa benchi, a Ngozo nakhala pambali pake. Patapita kanthawi Redson anafunsa ngati bambo ake anavutika pomwalira. A Ngozo anati iwo sadziwa, koma anamuperekeza ku wodi kwa namwino amene analipo tsikulo.

Komiti inakumana kumapeto kwa mwezi. A Ngozo sanaitanidwe. Anamva kwa mayi Kalonga madzulo ake.

"Avomera. Ndime ya ambulansi ija inawagwira, komanso nkhani ya a Nyoni inafika kwa abambo mfumu ku parishi. Apereka ndalama yonse imene munapempha."

"Zikomo, mayi. Koma makoteshoni aja anatha."

"Imbani foni mumve."

Anaimba. Wogulitsa ku Blantyre anati ndalama zakunja zikusowa, katundu wakwera. Kompuresa ndi zoimangira zinali tsopano K9.5 miliyoni. Yotsala sinali yokwanira kugula kachipangizo koteteza kaja.

"Ndiye tikugula mota yoti ipsenso," anatero a Ngozo.

"Ndikudziwa," anayankha mayi Kalonga, akusisita m'maso. "Ndikabwerera ku komiti kukapempha yowonjezera, adzakumana Januwale, ndipo mtengo udzakhala utakweranso. Tengani imene ilipoyi. Kachipangizoko ndidzayesa kukalowetsa mu bajeti ya chaka chamawa."

Kompuresa inafika pakati pa Novembala, mvula yoyamba itagwa. A Ngozo ndi mmisiri wochokera ku Blantyre anatsuka mapaipi kuchotsa mafuta owawasa a mota yopsa ija, anaika fyuluta yatsopano, anakoka mpweya wonse m'mapaipi ndi pampu, kenaka n'kuthira gasi. Atayatsa, makina analira mosalala. A Elson anaima pa geji n'kumaitana manambala pamene ankatsika, mpaka anafika pa fili.

"Yakhala bwino, bambo Ngozo!"

"Yakhala bwino. Bwerani kuno muone."

Anawatengera pa switchi yaikulu ya pakhoma, imene anali ataipaka penti yofiira pa chogwirira.

"Mukangoona mababu afiira kapena akuphethira, musandifunefune. Tsitsani ichi. Magetsi akabwerera bwinobwino dikirani mphindi khumi, kenaka mukweze."

"Nanga ine ndikaweruka?"

"Ndiwauza alonda. Loweruka ndi Lamulungu ndizibwera ndekha."

A Elson anayesa kutsitsa ndi kukweza chogwiriracho m'malere, osachikhudza. A Ngozo anatolera masipanala awo m'thumba. Asanamalize, namwino wina anatulukira pakona atanyamula ambulera, nati ku wodi ya ana denga likudontha pa bedi lachiwiri. A Ngozo anati akubwera, napita kukatenga makwerero.