Chidakwa cha mu Vidiyo

"Mwandipha ndinu, achemwali! Inuyo ndi cholembera chanucho!"

Kagiya sanagogode n'komwe. Anangoti balamanthu mu kaofesi kotentha, chipewa cha njinga chili m'manja. Mayi amene analemba vidiyo yophunzitsa akabaza kuyenda bwino pamsewu anali pakompyuta ndi wojambula wake.

"Khalani pansi, achimwene."

"Pansi ndakhala kale pasiteji yathu ya akabaza. Chiyambire m'mawa palibe wakwera njinga yanga."

Pamene opanga vidiyoyo ankafuna wosewera ngati wakabaza wosasamala, anzake onse a Kagiya anakana. Kagiya anavomera chifukwa anawerenga pepala lonse mpaka pothera. Gawo loyamba, akupapira botolo n'kuliza njinga. Lachiwiri, wanyamula anthu atatu, chipewa chili lendelende pachiwongolero. Lachitatu, akudzipanikiza pambali pa lole imene ikukhota. Gawo lililonse linkatha ndi lamulo lake: Wamwa, siya kiyi. Mpando umodzi, wokwera mmodzi. Ngati sukumuona dalaivala pagalasi lake, nayenso sakukuona. Koma panali gawo lotsiriza, iye akumanga lamba wa chipewa pachibwano, n'kuuza kamera kuti zonsezo zinali sewero.

"Gawo lija lili kuti?"

Wojambula anakanda m'mutu. "Abwana anati yatalika. Anthu pafoni sachedwa kutopa, ndiye tinaidula tizidutswa. Kachidutswa kalikonse lamulo limodzi, kuti lisaiwalike."

"Ee, sakuiwaladi! Lamulolo ayi, koma nkhope yangayi." Kagiya anazungulira tebulo, nabwereranso. "M'botolo muja munali tiyi, munathira ndinu! Lero mayi wina amene ndimamutengera ana kusukulu wandiuza kuti, 'Pepani bambo, takuonani.' Anzanga ndikamafika akumayenda dzandidzandi, ati paseni njira mkulu wa bawa. Apongozi afunsa mkazi wanga ngati ndimamumenya ndikakhuta."

Wojambula anafuna kuseka, koma anakumeza kusekako.

"Koma uthenga ukufika," anatero mayi uja chapansipansi. "Kachidutswa ka botoloko ndi kamene kafala kwambiri. Mwina kapulumutsa wina."

Mawu amenewo anamulasa Kagiya, pakuti anali oona. Mng'ono wake anafa atagundidwa ndi lole yokhota, n'chifukwa chakenso sanakane kusewera. Anayang'ana pakompyuta. Nkhope yake inali pomwepo, itaima, botolo lili kukamwa.

"Kapulumutse, sindikukana. Koma kumapeto kwa kachidutswa kalikonse muikeko ine ndikunena kuti ndi sewero. Mawu awiri okha."

"Zimenezo amavomereza ndi abwana," anatero mayi uja. "Ndipo zimene zapita kale m'mafoni sitingazibweze."

"Aimbireni."

"Ali pamsonkhano."

Kagiya anaika chipewa chake pakiyibodi, nakoka mpando n'kutsekereza chitseko.

"Atuluke. Munalemba malamulo oteteza mutu wa wakabaza, chabwino. Nanga la dzina lake lili gawo liti? Imbani, achemwali, muike mokweza. Andiyankhe okha: mawa pasiteji andikwera ndani?"