Faifi Handiredi Yokha, Abale Anga

Iwe mnzanga amene uli pa gulu losunga ndalama, bwera pafupi. Usandinamize kuti sunaphonyeko mwezi, nkhope yako ndikuiona.

Panali Telala, mayi wa makina amodzi ndi khonde lobwereka, amene anzake anamusankha kukhala msungichuma chifukwa sadziwa kukana. Gulu lawo linali la anthu khumi ndi awiri. Mwezi uliwonse aliyense amaponya teni sauzande m'bokosi. Wokongola amabweza ndi chiwongoladzanja, sauzande imodzi pa teni sauzande iliyonse pamwezi. Wophonya mwezi amalipira chindapusa cha faifi handiredi. Anagwirizana okha, anasainira okha.

Tsono Telala anapeza mwayi: sukulu ya mkaka inamupatsa ntchito yosoka mayunifomu, koma nsalu agule yekha, handiredi sauzande. Akachedwa, ntchitoyo ipita kwa telala wina. Mwezi umenewo inali nthawi yake yokongola. Vuto linali loti ndalama zakale zonse zinali kunja kwa amene anakongola kale, tsiku lobweza lisanakwane. Chiyembekezo chake chinali zosonkha za mwezi uno basi.

Ndiye pali anthu atatu amene amaphonyaphonya, ndipo mtsogoleri wawo anali Alamu, achimwene a mwamuna wa Telala, abucha. Miyezi itatu osaponya, akangofika pamsonkhano amaika faifi handiredi m'mbale ya chindapusa ngati chopereka cha kutchalitchi, n'kukhala pansi akumwetulira.

Wapampando, mayi wa golosale, anati: "Alembereni kalata. Onse, kuti wina asati tamuloza chala."

Telala anakhala pamakina osapalasa. Amulembera bwanji munthu amene anamugulira ndowa zaukwati? Analemba "Chenjezo", anafufuta. Analemba "Tatopa nanu", anafufutanso. Pamapeto kalata inatuluka yofewa ngati thonje:

"Okondedwa anzanga, ndikukumbutsa mwaulemu kuti ena sitinaponye zosonkha zathu. Monga tinagwirizana, wophonya mwezi amalipira chindapusa, ndipo zotsalazo amalize tisanagawane kumapeto kwa chaka. Musaone ngati gulu likukukhaulitsani. Chindapusacho ndi faifi handiredi yokha, abale anga. Taonani, wokongola teni sauzande amalipira sauzande yathunthu, inu mukungolipira theka. Ndiye tiyeni tichitirane chifundo."

Anaiwerenga kawiri, nayamika nzeru zake. Anaitumiza pa foni, ena anawapatsa papepala.

Mayankho anabwera ambiri kuposa masiku onse. "Zikomo asungichuma, mwatitsegula m'maso." Mai Mazira, amene amagulitsa mazira pakona, anachita kubwera pakhonde.

"Asisi, pamene mwati theka paja, ndi zoona?"

"Zoona."

"Ndiye munthu akasunga teni sauzande yake osaponya, akulipira faifi handiredi. Akaiponya n'kuikongolanso, akulipira sauzande?"

"Eya. Mwaona chifundo cha gulu?"

"Ndaona," anatero Mai Mazira, napita akuwerenga zala.

Telala anauza mwamuna wake kuti kalata yagwira mitima.

Tsiku la msonkhano anakumana m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, pakati pa makatoni a sopo. Osunga makiyi atatu anatsegula bokosi, aliyense loko wake. Telala anaika mbale ziwiri patebulo, yaikulu ya zosonkha, yaing'ono ya chindapusa. Anayamba yekha kuponya teni sauzande yake, kuti apereke chitsanzo.

"Mai Mazira!"

Mai Mazira anadzuka, analambalala mbale yaikulu ngati ili ndi moto, naika faifi handiredi m'yaing'ono.

"Akalipentala!"

Mbale yaing'ono.

"Aphunzitsi?"

Aphunzitsi anatsokomola. "Ine poyamba sindinkazimvetsa. Koma mwafotokoza bwino kwambiri, mungathe kuphunzitsa masamu."

Mbale yaing'ono inadzaza mpaka kusefukira. Telala anayang'ana Wapampando ndi maso opempha. Wapampando anayang'ana kudenga, dzanja likutsetsereka pang'onopang'ono kupita ku mbale yomweyo.

"Nanunso, mayi?"

"Mwana wanga, sopo wakwera. Ndipo lamulo sindinaphwanye."

Alamu anali chigonere pa thumba la shuga, akuseka mpaka misozi. "Mlamu, ine chinsinsi ichi ndachisunga miyezi itatu, ngakhale mkazi wanga sindinamuuze. Inu mwachisindikiza n'kugawira mtundu wonse!"

Telala anaimirira. "Ndiye tikweze chindapusa. Lero lomwe."

"Malamulo timasintha tikagawana," anatero Wapampando. "Komabe tiyeni tione. Ofuna chikwere?"

Dzanja limodzi linakwera. Mwini wake ukumudziwa.

Telala anakhala pansi. M'bokosi munali teni sauzande yake yomwe ndi tindalama ta chindapusa, zosakwana ngakhale nsalu ya makolala. Anayamba kuganiza mawu okauza a kusukulu, ndipo m'maso munayamba kutentha. Ena anaona, nayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

Alamu anadzuka, nadzikuntha shuga kumatako.

"Musalire, mlamu, mungatinyowetsere buku. Handiredi sauzande ndikubwerekani ine, ya m'thumba mwanga. Mudzabweze monga mukanabwezera gulu, ndi teni sauzande pamwamba. Basi, nkhani yatha."

Mai Mazira anatembenuka ndi mpando womwe.

"Teni sauzande pamwamba ipite kuti?"

"Kwa ine. Ndalama ndi yanga."

"Iyayi! Imeneyo ndi ya bokosi! Timagawana tonse imeneyo!"

"Bokosi lake liti? Ili lopanda kanthuli?"

"A bucha inu, miyezi itatu mwadya ndalama zathu, lero mudyenso kasitomala wathu?"

"Kasitomala mwamutaya nokha. Ine ndangotola."

Apa ndiye zinthu zinatembenuka. Mai Mazira anamasula mfundo ya pansalu. Akalipentala anavula nsapato, ndalama inatuluka mu sokosi, anthu anatsegula zenera. Aphunzitsi, amene anati sanatenge kanthu, anaipeza mwadzidzidzi m'chikwama cha magalasi. Kani onse anabwera nazo, amangofuna aone kaye anzawo atani. Wapampando analowa m'golosale, kabati inalira. Anthu asanu ndi anayi anaponya, aliyense akuyang'ana Alamu ndi diso lofiira. Kuphatikiza ya Telala, handiredi sauzande inakwana ndendende.

"Nanga faifi handiredi zathu zija?" anafunsa Akalipentala. "Taponyatu tsiku lake."

Wapampando anawabwezera onse asanu ndi anayi, akung'ung'udza kuti gulu ili lidzamukalambitsa. Telala anasainira ngongole yake, bokosi linatsekedwa.

Panja Telala anawapeza Alamu akumasula njinga.

"Alamu, zikomo. Koma mukanandibwerekadi?"

"Ndi chiyani? Ndalama zonse zili m'mbuzi, mbuzi zili m'khola." Anakwera njinga, kenako anatsitsanso phazi. "Komanso faifi handiredi ndaika m'mbale ija ndinabwereka kwa amuna anu. Mukawauze adikire."

"Nanga miyezi inayi tsopano, muponya liti?"

"Ndilembereni kalata, mlamu. Mumalemba bwino."

Nsalu Telala anagula m'mawa mwake.

Tsono iwe, pagulu panu Alamu ndi ndani? Ndipo ukanakhala Telala, kalatayo ukanailemba bwanji kuti anthu aponye popanda kuwaphunzitsa masamu? Ilembe m'munsimu tione. Wophonya kuyankha, chindapusa ukuchidziwa.